Kugawana phindu la khola: chiwongoladzanja, malipiro, ndipo pomalizira magawo

Ambiri a inu mukachoka pano simuyamba ulimi wamalonda muli nokha. Luso muli nalo, koma ndalama zogulira anapiye ndi chakudya chawo zimachokera kwa mbale wina amene ali pa ntchito ku Chipata kapena ku Lusaka. Chaka chimayenda bwino, nkhuku zimagulitsidwa, ndipo mkangano umabuka tsiku lokhala pansi kuti mugawane. Kawirikawiri palibe amene waba. Chavuta n'chakuti aliyense wawerengera gawo lake m'njira yakeyake: mwini ndalama akuyang'ana mpamba umene anaika, wogwira ntchito akuyang'ana usiku umene anagona m'khola kusonkhezera mbaula ya anapiye.

Owerengera ndalama ali ndi njira yokhazikika yoyankhira onse awiri, ndipo mphamvu yake ili m'ndondomeko. Pa phindu la chaka amayamba achotsa chiwongoladzanja cha mpamba wa aliyense, kenako malipiro a amene pangano lamupatsa malipiro, ndipo chotsalacho ndicho chokha chimene chimagawidwa m'magawo amene anagwirizana. Tiitsate njirayi pa khola limodzi. Ziwerengero ndazisankha kuti ziwerengeke mosavuta, ndipo musazitenge ngati mitengo ya pamsika lero.

Mnyamata wina amene anaphunzira zoweta nkhuku za nyama wagwirizana ndi amalume ake, amene ndi aphunzitsi m'tauni. Amalume aika K60,000. Mnyamata alibe ndalama m'manja, koma ali ndi khola lomangamanga, zodyeramo ndi zomweramo, zimene awiriwa aziyenderera nazipatsa mtengo wa K20,000. Umenewo ndiwo mpamba wake, ndipo achita bwino kuulemba tsiku loyamba, pakuti khola likakhala miyezi khumi ndi iwiri mkati mwa malonda aliyense amakumbukira mtengo wina. Pangano lawo lanena zinthu zitatu. Mpamba wa aliyense uzilandira chiwongoladzanja cha mapelesenti 10 pa chaka. Mnyamata, popeza ndiye wosamalira nkhuku tsiku ndi tsiku, azilandira malipiro a K1,500 pa mwezi, ndiye kuti K18,000 pa chaka. Zotsala azigawana m'muyeso wa 3:2, magawo atatu a amalume, awiri a mnyamata. Chaka chawo chikuyamba mu Januwale n'kutha mu Disembala.

Chaka chitatha, atachotsa pa zogulitsa mtengo wa anapiye, chakudya, katemera, makala, utuchi, thiransipoti ndi malipiro a waganyu, phindu lapezeka K50,000.

Tiyambe ndi chiwongoladzanja. Mapelesenti 10 a K60,000 ndi K6,000, za amalume. Mapelesenti 10 a K20,000 ndi K2,000, za mnyamata. Zonse pamodzi ndi K8,000. Tichotsenso malipiro a mnyamata, K18,000. Chimene chatsala ndi ichi:

K50,000 − K8,000 − K18,000 = K24,000

Tsopano ndi pamene muyeso wa 3:2 ukulowa. Phatikizani 3 ndi 2, mupeza magawo asanu. Gawani K24,000 pasanu, gawo limodzi likhala K4,800. Magawo atatu a amalume ndi K14,400, ndipo awiri a mnyamata ndi K9,600. Pomaliza sonkhanitsani zonse zimene zagwera munthu mmodzi:

Amalume: K6,000 + K14,400 = K20,400
Mnyamata: K2,000 + K18,000 + K9,600 = K29,600

Musanyamuke pa mpando musanaphatikize mayankho awiriwa. K20,400 ndi K29,600 zikupanga K50,000, phindu lomwe tinayamba nalo. Ngati zimene mwapatsa anthu zaposa phindu kapena zaperewera, penapake pali cholakwa, ngakhale onse atakondwera ndi zimene alandira.

Onani kuti mwini magawo atatu ndiye walandira zochepa. Amalume amene anangosunga m'mutu mawu akuti "atatu kwa awiri" anabwera akuyembekezera K30,000, chifukwa anagawa K50,000 yonse pasanu. Akamva K20,400 amayesa kuti mwana wa mlongo wawo wawadyera. Sanawadyere, koma kuti muyesowo sunali wogawira phindu lonse. Kulakwa kwina kumene ndakuona m'mabuku a ophunzira ndiko kugawa K50,000 yonse m'muyeso, kenako n'kuwonjezera chiwongoladzanja ndi malipiro pamwamba pake. Potero amalume amapatsidwa K36,000, mnyamata K40,000, zonse K76,000. Khola linapanga K50,000 yokha, choncho K26,000 inayo idzatapidwa pa mpamba, ndipo gulu lotsatira la anapiye lidzasowa chakudya chomalizira popanda wodziwa kumene ndalama zinalowera.

Mwina wina angafunse chifukwa chake timavutika ndi masitepe atatu m'malo mongogwirizana muyeso umodzi. Chifukwa chake n'chakuti anthu awiriwa abweretsa zinthu zitatu zosiyana. Chiwongoladzanja chikulipira ndalama, zimene zikanatha kukhala ku banki kapena kugula ng'ombe. Malipiro akulipira thukuta, limene mnyamata akanatha kukagulitsa pa famu ya munthu wina. Magawo akulipira kulimba mtima kwa onse awiri polola kuti mwina adzataya. Muyeso umodzi sungathe kunyamula zonsezi, chifukwa thukuta la mnyamata ndi lomwelo kaya chaka chikhale chabwino kapena choipa, pamene phindu limakwera n'kutsika.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale anthu odziwa masamu, ndipo ndikufuna tichedwepo. Malipiro a mwini malonda si ofanana ndi malipiro a waganyu. Waganyu ndi munthu wakunja, ndipo zimene amalandira ndi ndalama zowonongedwa pa ntchito, zochotsedwa phindu lisanapezeke. Mnyamata wathu ndi mwini. Munthu sadzilemba yekha ntchito, choncho K18,000 yake ndi njira chabe yomupatsira gawo lokulirapo la phindu. Sailemba pamodzi ndi chakudya ndi katemera. Chimodzimodzinso chiwongoladzanja cha mpamba: si ngongole imene khola likubweza kwa mlendo, koma ndi mbali ya phindu la eni ake.

Tiyerekeze kuti mnyamata, mosadziwa, mwezi uliwonse ankalemba K1,500 yake pa tsamba la zowonongedwa. Buku lake lidzasonyeza phindu la K32,000 m'malo mwa K50,000. Tsiku logawana, atsatira ndondomeko mokhulupirika: achotsa K8,000 ya chiwongoladzanja, achotsanso K18,000 ya malipiro, patsala K6,000. Amalume alandira K3,600 pa zotsalazo, ndipo pamodzi ndi chiwongoladzanja chawo zikwana K9,600. Mnyamata alembedwa K22,400. Mukaphatikiza mupeza K32,000, ndipo kuyesa kumene ndakuuzani pamwambapa kukuoneka kuti kwadutsa. Komatu malipiro achotsedwa kawiri. Mnyamata anatenga kale K18,000 m'kati mwa chaka, imene yabisala pakati pa matumba a chakudya, ndipo tsopano akupatsidwanso ina. Zonse zimene wapeza ndi K40,400, ndipo K10,800 ya amalume yasamukira m'thumba mwake popanda iye kufuna. Njira yozindikirira ndi imodzi: musanayambe kugawa, tsegulani tsamba la zowonongedwa muone ngati dzina la mmodzi wa eni ake likupezekapo. Likapezeka, bwezerani ndalamazo pa phindu. K32,000 kuwonjezera K18,000 ikubwerera pa K50,000, ndipo kugawa kuyambire pamenepo.

Izi zikutifikitsa pa kusiyana kwa gawo la munthu ndi ndalama zimene adzagwira m'manja tsikulo. K29,600 ndi gawo la mnyamata la chaka chonse, osati zimene akuyenera kupatsidwa mu Disembala. Iye wakhala akutapa K1,500 mwezi uliwonse, ndiye K18,000 yatuluka kale. Komanso kutagwa maliro kwawo kwa mkazi wake anatenga nkhuku 20 m'khola. Awiriwa anagwirizana kuziwerengera K130 imodzi, zonse K2,600, nazilemba ngati zogulitsidwa kwa iye pa ngongole, ndipo mtengowo uli kale m'kati mwa phindu la K50,000. Zotapa zake zonse ndi K20,600, choncho chimene chamutsalira ndi K9,000. Amalume nawonso anatenga K5,000 mu Meyi kuti alipirire mwana sukulu, ndiye kuti pa K20,400 yawo patsala K15,400.

Nkhuku za pamaliro zija zikanapanda kulembedwa, phindu likanaoneka lochepa ndi K2,600, ndipo popeza kuchepako kumagwera pa zotsala, amalume akanalipira magawo atatu mwa asanu a nkhukuzo, K1,560, osadziwa n'komwe. Mwina akanafunsidwa akanapereka ndi mtima wonse, pakuti maliro ndi a tonse. Koma kupereka n'kwina, kutengeredwa n'kwina. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mwini aliyense akhale ndi masamba awiri m'buku. Loyamba ndi la mpamba, limene silisinthasintha. Lachiwiri ndi la zolowa ndi zotuluka zake: mbali imodzi chiwongoladzanja, malipiro ndi gawo la zotsala, mbali inayo chilichonse chimene watapa, kaya ndi ndalama, nkhuku kapena thumba la manyowa. Zotapa sizisintha gawo la phindu la munthu. Zimangochepetsa zimene zamutsalira.

Mapangano ena amalipiritsa chiwongoladzanja pa zotapa, pofuna kuti eni ake asamafulumire kutapa. Zikakhala choncho, chiwongoladzanjacho chimawonjezedwa pa phindu kugawa kusanayambe, ndipo chimachotsedwa pa tsamba la wotapayo. Pa khola laling'ono ngati ili sindiona kuti n'choyenera mutu umene chimapweteketsa. Kuika malire a zimene munthu angatape pa mwezi kumagwira ntchito yomweyo.

Chiwongoladzanja cha mpamba chimayendera nthawi. Tinene kuti pa 1 Seputembala amalume anawonjezera K12,000 kuti pakhale anapiye ambiri okagulitsa kumapeto kwa chaka. Ndalamazo zagwira ntchito miyezi inayi yokha, choncho sizilandira K1,200 ya chaka chathunthu:

K12,000 × 10/100 × 4/12 = K400

Tisunge phindu pa K50,000 pomwepo kuti tione chimene chasintha. Chiwongoladzanja cha amalume chafika K6,400, zotsala zatsika kufika K23,600, gawo limodzi ndi K4,720, ndipo magawo awo atatu ndi K14,160. Zonse pamodzi ndi K20,560, pamene mnyamata ali ndi K29,440. Amalume apindula K160 yokha, osati K400, chifukwa K240 ya chiwongoladzanjacho yachokera m'magawo awo omwe. Aliyense amene akukambirana za kukweza mapelesenti kapena malipiro adziwe zimenezi: chilichonse chimene chachotsedwa pamwamba chimalipiridwa ndi onse m'muyeso wawo, kuphatikizapo wolandirayo.

K12,000 yomweyo ikanatha kulowa m'njira ina, ngati ngongole imene amalume abwereketsa khola kuti adzabwezeredwe nkhuku zikagulitsidwa. Pamenepo chiwongoladzanja chake chimakhala chowonongedwa chenicheni, chochotsedwa pamodzi ndi chakudya ndi katemera phindu lisanapezeke, ndipo chimalipiridwa kaya khola lapindula kapena ayi. Tsiku limene ndalama zikulowa, lembani ngati ndi mpamba kapena ngongole.

Mayeso enieni a pangano amabwera m'chaka choipa. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka, chimanga chinasowa, chakudya cha nkhuku chinakwera mtengo, ndipo magetsi ankazima maola ambiri chifukwa madzi anatsika ku Kariba. Tiyerekeze chaka chotere pa khola lathu, mpamba uli K60,000 ndi K20,000 monga poyamba, koma phindu latsika kufika K16,000.

Chiwongoladzanja ndi malipiro zikufuna K26,000, pamene phindu ndi K16,000. Zaperewera ndi K10,000. Njira imene ambiri amatsata, makamaka pamene pangano lanena kuti chiwongoladzanja ndi malipiro zilembedwe mokwana chaka chilichonse, ndiyo kupitiriza ndondomeko yomwe ija mpaka kumapeto, ndi kugawa kupereweraku m'muyeso wa 3:2 monga momwe akanagawira zotsala. Gawo limodzi la K10,000 ndi K2,000. Amalume asenza K6,000, mnyamata K4,000.

Amalume: K6,000 − K6,000 = K0
Mnyamata: K2,000 + K18,000 − K4,000 = K16,000

Kuphatikiza kukutipatsa K16,000, ndiye masamu ali bwino. Koma taonani zotsatira zake. Khola lapindula, komabe munthu amene anaika K60,000 sanapeze ngakhale ngwee imodzi. Magawo atatu amene ankaoneka okoma m'chaka chabwino ndi omwewo amene awasenzetsa katundu wolemera m'chaka choipa. Mnyamata naye asasangalale msanga. Anatapa kale K18,000 pamene gawo lake ndi K16,000, choncho ali ndi ngongole ya K2,000 ku khola, imene ayenera kubweza kapena kuichotsa pa gawo lake la chaka chamawa. Ndipo amalume akanakhala kuti anatapanso K5,000 ya sukulu, yonseyo ikanakhala ngongole yawo.

Pali njira ina. Pangano likhoza kunena kuti chiwongoladzanja ndi malipiro ziziperekedwa pokhapokha pamene phindu lalola, ndipo likachepa, logawidwalo ligawidwe molingana ndi zimene aliyense amayembekezera. Amalume amayembekezera K6,000, mnyamata K20,000, ndiwo muyeso wa 3:10, magawo 13. K16,000 ikagawidwa chotero, amalume alandira pafupifupi K3,692 ndipo mnyamata K12,308. Pakati pa njira ziwirizi pali kusiyana kwa K3,692 pa chaka chimodzi, ndipo palibe masamu amene angakuuzeni yolondola. Ndi pangano lokha limene lingasankhe. Ine ndimakondera njira yoyamba pamene wogwira ntchitoyo alibe kwina kopezera chakudya cha banja lake, chifukwa mwini mpamba ali ndi malipiro ake a mwezi ndi mwezi kutauni. Koma ndimaumirira kuti mwini mpambayo aonetsedwe K0 ija pa pepala asanasaine, kuti aivomereze maso ali poyera.

Chiwerengero chimene muyenera kuchidziwa pa mtima ndi chiphatikizo cha chiwongoladzanja ndi malipiro. Pa khola ili ndi K26,000. Phindu likaposa pamenepo, pa kwacha iliyonse yowonjezera amalume atenga ngwee 60, mnyamata ngwee 40. Likatsika pansi pake, amataya m'muyeso womwewo. Musanagwirizane malipiro, yerekezani chiwerengerochi ndi phindu limene khola lanu lingapange m'chaka wamba. Ngati khola limapanga K30,000 ndipo mwaika K26,000 pamwamba, ndiye kuti muyeso umene mwakanganirana usiku wonse ukugawa K4,000 yokha.

Nanga pamene sipanakhale pangano lililonse? M'Zambia nkhani za anthu ochitira malonda pamodzi zimayendera lamulo la ku Mangalande la chaka cha 1890, limene dziko lathu linatengera. Ndime 24 ya lamuloli imanena zoyenera kuchitika ngati eni ake sanagwirizane mwina. Phindu ligawidwe mofanana, ndipo zotayika zisenzedwenso mofanana. Palibe woyenera kulandira malipiro chifukwa chogwira ntchito m'malondawo. Mpamba sulandira chiwongoladzanja phindu lisanawerengedwe. Koma ndalama zimene mwini wabwereketsa kuposa mpamba umene analonjeza zimalandira mapelesenti 5 pa chaka. Pa khola lathu ndiye kuti K50,000 ikanagawidwa pakati, K25,000 aliyense, osayang'ana kuti wina anaika katatu kuposa mnzake, kapena kuti wina anadzuka mbandakucha chaka chonse. Mnyamata akanataya K4,600 poyerekeza ndi pangano lija. M'chaka choipa chija akanalandira K8,000 m'malo mwa K16,000, atatapa kale K18,000, ndipo akanakhala ndi ngongole ya K10,000.

Pangano la pakamwa nalo ndi pangano, koma kulitsimikizira pamaso pa bwalo n'kovuta pamene aliyense akukumbukira zake. Kulembetsa dzina la malonda ku PACRA n'koyenera, koma chikalata cha dzinacho sichinena kuti mnyamata azilandira K1,500 kapena kuti muyeso ndi 3:2. Zimenezo zimalembedwa ndi inu eni ake: mpamba wa aliyense ndi mtengo wa katundu amene walowa ngati mpamba, mapelesenti a chiwongoladzanja, malipiro, muyeso wa phindu ndi wa zotayika, malire a zotapa, mwezi umene chaka chanu chimathera, ndi chimene chidzachitike phindu likadzachepera K26,000 yanuyo. Tsamba limodzi likukwana, losainidwa ndi onse awiri pamaso pa mboni, aliyense n'kusunga lake.